Ndimulembere chiyani mtsikana amene tinakumana ku msonkhano wa achinyamata?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 24. Loweruka lapitali, ku msonkhano wa achinyamata a mpingo wathu, ndinakumana ndi mtsikana wina. Tinali gulu limodzi pokambirana Baibulo, kenako tinathandizana kusanja mipando. Posiyana anandipatsa nambala yake. Masiku atatu tsopano ndikungolemba n'kufufuta. Mnzanga akuti ndingomuuza kuti Mulungu wandionetsa kuti iyeyo ndiye mkazi wanga. Nditani?

Wosowa pogwira

Mwanangu,

Za mnzakozo zisiye. Ukangolemba kuti Mulungu wakuonetsa, wamumanga manja mwana wa eni ake, chifukwa akafuna kukana aziona ngati akukana Mulungu. Ngati Ambuye alankhuladi, sangalephere kulankhulanso ndi mwini wakeyo.

Chandisangalatsa n'chakuti nambala anakupatsa yekha. Ukanakhala kuti waitola pa gulu la WhatsApp la achinyamata, ndikanati udikire mpaka muonanenso, umupemphe pamaso.

Uthenga woyamba ntchito yake ndi yaing'ono: akukumbukire, ndipo amasuke. Usayambe ndi "Moni" wopanda dzina, kapena "Tangoganizani ndine ndani". Ungalembe chonchi:

"Mwaswera bwanji achemwali? Ndine uja tinkasanja limodzi mipando Loweruka, dzina langa ndine uje. Zimene munanena zokhudza kukhululuka ndakhala ndikuziganizirabe. Ngati simungadandaule, ndingakonde kumacheza nanu. Mukhale ndi tsiku labwino."

Taona kuti wamutchula kuti "inu", ngakhale muli a msinkhu umodzi. "Iwe" adzabwera yekha mukazolowerana. Watchulanso chinthu chimodzi chimene iye analankhula, osati nkhope kapena diresi yake. Mtsikana akamva kuti unatchera khutu pamene ankalankhula, amadziwa kuti sunkangomuyang'ana. Koma chikhale chimene ananenadi, usapeke. Mawu ngati "wokondedwa", timitima tofiira, ndi kupempha chithunzi, zonsezi nthawi yake sinakwane. Usabisalenso kuseri kwa mavesi tsiku ndi tsiku, iye n'kumangoyankha "Ameni" osadziwa chimene ukufuna.

Tumiza masana kapena chakumadzulo. Mawu omwewo akafika pakati pa usiku amamveka mwina.

Ukatumiza, ika foni pansi. Ngakhale uone kuti wawerenga, usaimbe, usafunse kuti "bwanji simukuyankha?". Akayankha n'kukufunsanso kanthu, monga mmene unayendera, khomo latseguka, chezani pang'onopang'ono. Akangoti "Zikomo" basi, kapena sabata n'kutha ali chete, limenelo ndi yankho, ulilandire. Usatume anzake kapena mtsogoleri wa gulu kuti akamufunse, chifukwa ndi zimene zimachititsa mtsikana kusiya kubwera ku mapemphero.

Mukadzakumananso, mupatse moni ngati mmene umaperekera kwa aliyense, ndipo za uthengawo usazitchule pagulu.