Uthenga wa ku banki umanena zimene zachitika, wa akathyali umalamula

Abale anga a ku Nkhotakota amene mwangofika kumene ku Joni, pali ntchito ina imene mudzaiyamba musanaifunsire, ndiyo yomasulira mauthenga a pafoni. Mukatsegula akaunti, banki imakutumizirani uthenga wa Chingerezi nthawi iliyonse ndalama ikalowa kapena kutuluka, ndipo mukayamba kutumiza thandizo kumudzi, achibale nawonso amakuponyerani mauthenga awo kuti muwauze tanthauzo lake.

Pomasulira, musathamangire chiwerengero cha ndalama. Yambani mwapeza mawu amene akusonyeza kumene ndalamayo yapita. Mukaona `credited` kapena `received`, yalowa. Mukaona `debited`, `paid from` kapena `withdrawn`, yatuluka. Mawu akuti `reserved for purchase` amasokoneza ambiri, koma amangotanthauza kuti banki yaika pambali ndalama ya zimene mwagula ndi khadi, ndiye ikadzachotsedwa kwenikweni patapita masiku musaganize kuti akudulani kawiri. Amene ndimawaopa ine ndi `pending`, chifukwa ndalama yotere sinafike m'manja mwanu, ndipo simuyenera kupereka katundu kufikira itaoneka pa `available balance`, yomwe ndi ndalama imene mungathe kuitapa lero.

Mawu onsewa akufanana pa chinthu chimodzi: akufotokoza zimene zachitika. Uthenga wa akathyali umakupatsani chochita, ndipo umakuikirani nthawi.

Chaka chatha ndinatumizira mlongo wanga wa ku Linga ndalama yokwana K120,000. Iye anatapa ina kwa ajenti n'kutsala ndi K46,000. M'mawa mwake analandira uthenga uwu:

```
You have recieved MK85,000. Your account is temporary on hold. Kindly reverse within 30 minutes.
```

Pasanathe mphindi zisanu, bambo wina anamuimbira modandaula kuti walakwitsa nambala, ndipo ndalamayo inali ya mwana wodwala. Mlongo wangayo, poti ndi munthu wachisoni, anandiimbira kuti, "Achimwene, tandimasulireni msanga ndim'bwezere munthuyu."

Ndinaumasulira pang'onopang'ono, chiganizo chimodzichimodzi. Choyamba chikuti mwalandira K85,000, koma sichikutchula nambala yozindikiritsa kutumiza kwa ndalamako kapena ndalama zonse zimene zili mu akaunti tsopano, zomwe uthenga weniweni umakhala nazo. Chachiwiri chikuti akaunti yatsekedwa kwa kanthawi, ndipo apa mpamene bodza likudzigwira lokha, pakuti akaunti yotsekedwa ingabweze bwanji ndalama? Chiganizo chimenechi anachiikamo kuti munthu asadabwe akaona kuti ndalama sizikuoneka. Chachitatu ndi lamulo lokhala ndi malire a theka la ola, nthawi yosakwanira kufunsa munthu wina. Kalembedwe kolakwika ka `recieved` ndinakaona, koma musadalire kwambiri chizindikiro chimenechi, chifukwa akathyali ena amalemba Chingerezi chosalala kuposa cha aphunzitsi. Kenaka ndinamufunsa kumene uthengawo wachokera, ndipo anapeza kuti ndi nambala wamba ya munthu, osati dzina la kampani. Ataona yekha ndalama zake pafoni, zinali K46,000 zomwe zija.

Kuona wekha kumeneku ndiye umboni womaliza, popeza ngakhale dzina la wotumiza limatha kuberedwa, uthenga wabodza n'kulowa pamzere umodzi ndi mauthenga enieni. Auzeni akumudzi kuti ayimbe `*211#` ngati ali pa Airtel Money, kapena `*444#` ngati ali pa TNM Mpamba. Ngati ndalama yolowa molakwika ilipodi, mwiniwakeyo akadandaule ku kampani kuti ndiyo ibweze, osati iwo atumize ku nambala imene auzidwa pafoni.

Ku Joni nyambo yake ndi yomweyo, kungoti imavala suti. Mudzaona `your account will be suspended`, kutanthauza kuti akaunti yanu itsekedwa, kenaka `verify` kapena `update your details` pamodzi ndi linki yoti mudine. Mlendo amene mtima uli m'mwamba ndi nkhani ya mapepala amagwidwa msanga ndi mawu otere. Musadine, pitani ku nthambi ya banki, kapena imbani nambala yolembedwa kuseri kwa khadi lanu.

Chovuta koposa ndi uthenga wa `OTP`, nambala yogwira ntchito kamodzi kokha, chifukwa umenewu umachokeradi ku banki. Ukabwera inu musanagule kanthu, ndiye kuti wina ali ndi manambala a khadi lanu ndipo changomutsalira ndi chimenecho. Werengani uthenga wonse, chifukwa kawirikawiri umatchula ndalama ndi malo amene akufuna kulipira, komanso umati `do not share`, musauze munthu aliyense. Woimba foni amene akuti ndi wa ku banki ndipo akufuna nambalayo kuti aletse kubako, ndiye wakubayo. Dulani foni, ndipo mutseketse khadilo nthawi yomweyo.