Mizere ya Fibonacci ndi vuto la kusuntha poyambira

"Ndikajambula mizere ya Fibonacci pa tchati cha EUR/USD, mtengo umadutsa 61.8% ngati palibe kanthu, koma ndikasuntha poyambira, mzerewo umagwera pomwe mtengo unatembenukira. Kodi nsonga zoyenera ndingazisankhe bwanji?"

Achimwene, mawu anu akuti "ndikasuntha poyambira" andikhudza kwambiri, chifukwa khalidwe limeneli ndi limene linandidyera ndalama m'chaka changa choyamba pa malonda a foreksi, ogula ndi kugulitsa ndalama za mayiko. Madzulo aliwonse ndinkatsegula matchati a masabata apitawo, n'kumakoka chida cha Fibonacci uku ndi uku mpaka mzere wina utakhudza pamene mtengo unabwerera, ndipo ndinkagona ndikukhulupirira kuti njirayi siphonya. Kukacha, mtengo ukuyenda pamaso panga, panalibe chondiuza nsonga yoyenera, popeza yankho limene ndinkaonera usiku uja linali lisanalembedwe.

Ndikufotokozereni ndi manambala osavuta momwe ndinkadzinyengera. Tiyerekeze kuti mtengo wa EUR/USD, kutanthauza yuro poyerekeza ndi dola ya ku America, wakwera kuchoka pa 1.0800 kufika pa 1.1000, umene ndi ulendo wa mapipi 200, popeza pipi imodzi ndi 0.0001. Mzere wa 38.2%, wosonyeza pamene mtengo ungafike ukabwerera pansi ndi gawo limenelo la ulendowo, ukhala pa 1.0924, wa 50% pa 1.0900, ndipo wa 61.8% pa 1.0876. Koma m'kati mwa ulendowo mtengo unapumirako pa 1.0860, ndipo munthu woyambira pamenepo ayeza mapipi 140 okha, kotero kuti 61.8% yake igwera pa 1.0913. Anthu awiri, tchati chimodzi, mzere wa dzina limodzi, koma asiyana ndi mapipi 37. Mukaphatikiza mizere yonse ya awiriwa, mupeza kuti pakati pa 1.0860 ndi 1.1000 padzaza mizere, moti kulikonse kumene mtengo ungatembenukire pakhala mzere pafupi wolandira ulemu umene sunaugwirire ntchito. Ine ndinkagula pa mzere wapamwamba, mtengo ukaudutsa ndinkajambulanso n'kuwonjezera kugula pa wam'munsi, osavomereza kuti ndalakwitsa.

Pano ndinene mosabisa kuti msika sumvera manambala amenewa ngati lamulo la chilengedwe, ndipo aliyense wophunzitsa zotero akusocheretsa anthu. Masamu ake ndi oona: 34, 55 ndi 89 ndi manambala otsatizana mu mndandanda wa Fibonacci, ndipo mukagawa 55 ndi 89 mupeza 0.618, mukagawa 34 ndi 89 mupeza 0.382. Koma Leonardo wa ku Pisa, amene amadziwika kuti Fibonacci, polemba mndandandawu mu 1202, ankawerengera za kuswana kwa akalulu, osati mitengo ya ndalama. Ngakhale 50% imene ambiri amaidalira sichokera mu mndandandawo. Amalonda anangoiwonjezera poona kuti mtengo umakonda kubwerera theka la ulendo. Mzere ukaoneka kuti wagwira, kawirikawiri n'chifukwa chakuti anthu ambiri akuyang'ana malo omwewo, kapena pamalopo mtengo unaimapo kale.

Pamene njirayi imalephera

Mtengo ukamangozungulira pakati pa denga ndi pansi, palibe ulendo woti muyeze, ndipo chizindikiro chake n'chakuti nsonga zatsopano sizikupitirira zakale. Imalepheranso pakatuluka nkhani yaikulu. Pa 15 January 2015, banki yaikulu ya Switzerland inasiya kuteteza malire a 1.20 pa EUR/CHF, mtengo wa yuro poyerekeza ndi ndalama ya dzikolo, ndipo m'mphindi zochepa mtengo unagwa kutsika pa 1.00, kudumpha mizere yonse pamodzi ndi malamulo odulira kuluza amene anthu anaika pansi pake. Ifenso tinaona kwacha ikutsitsidwa mphamvu ndi 44% mu November 2023. Mtengo wosuntha ndi chilengezo cha banki yaikulu sungayezedwe ndi chida chimenechi. N'chimodzimodzi ndi masheya amene amagulidwa mwa apo ndi apo, chifukwa nsonga yake ikhoza kukhala ya wogula mmodzi yekha.

Tsono zimene ndimachita lero ndi izi. Ndimagwiritsa ntchito tchati cha tsiku kapena cha maola 4, ndipo nsonga yapamwamba ndimaivomereza pokhapokha kandulo yake, kachithunzi kosonyeza mayendedwe a mtengo pa tsikulo kapena pa maola 4 amenewo, itaposa makandulo asanu a kumanzere ndi asanu a kumanja, yapansi chimodzimodzi. Ndimayeza kuchokera kumapeto a chingwe cha kandulo nthawi zonse, pamene mtengo unafika patali kwambiri, osasinthira ku thupi lake losonyeza potsegulira ndi potsekera mtengo pofuna kuti mzere ukhale bwino. Lamuloli limachedwetsa, popeza muyenera kudikira makandulo asanu a kumanjawo, ndipo mwayi wina umakudutsani. Ndimalemba nsonga ziwirizo m'kope ndisanakoke chida, ndipo m'chitsanzo chathu chija, kandulo ikatsekera pansi pa 1.0800, ndimafufuta mizere yonse n'kudikira ulendo watsopano.