Notsi zokhwatchakhwatcha: yambani ndi cholembera, kompyuta pambuyo

"Ndili chaka choyamba ku Bunda. Aphunzitsi amathamanga, ndiye notsi zanga mpaka ine mwini ndimalephera kuwerenga. Ndikazitaipa zimangotuluka masamba ambirimbiri osandithandiza pa mayeso. Nditani?"

Musatsegule kaye laputopu. Tsiku lomwelo la phunziro, mawu a aphunzitsi akadali m'makutu, tengani cholembera chofiira mudutse m'notsimo. Pamene nkhani yasintha, lembani mzere wopingasa. Pamene simukutha kuwerenga, ikani chizindikiro cha funso, mukafunse mnzanu kapena mukaone m'buku. Osangoganizira ayi, makamaka pa manambala: 1 ndi 7 wolembedwa mothamanga amafanana, ndipo nambala yolakwika ikangotaipidwa bwinobwino, mudzaiwerenga mpaka pa mayeso osaikayikira.

Tiyerekeze phunziro linali la asidi wa m'nthaka ndipo mwalemba masamba 5. Mukadula mizere ija mupeza kuti nkhani zake ndi zitatu basi: chimene chimachulukitsa asidi, mmene timamuyezera, ndi mmene timamuchepetsera. Imeneyo ndiyo mitu yanu. Aphunzitsi mwina anatchula laimu koyambirira n'kudzabwererakonso kumapeto. Inu sonkhanitsani zonse za laimu pamutu umodzi. Wotaipa motsata tsamba ndi tsamba amangosamutsa chisokonezo chija kuchoka m'kope kupita m'kompyuta. Masamba 5 aja akwane pa tsamba limodzi, mukachulutsa awiri.

Mu Word, mutu musaupange pongokulitsa zilembo. Dzina la phunziro lipatseni `Heading 1` (`Ctrl+Alt+1`), timitu titatu tija `Heading 2` (`Ctrl+Alt+2`). Mukatero, pitani pa `View` muchonge `Navigation Pane`: mitu yonse ioneka kumanzere, ndipo mutha kukoka mutu pamodzi ndi zonse za pansi pake kupita nawo pena. Mutu umene sukuoneka pamenepo ndiye kuti munangoukongoletsa. Ife timakonda mitu yolembedwa ngati funso, chifukwa powerenga mumaphimba m'munsimo ndi dzanja n'kuyesa kuyankha.

Mawu ofunika kuloweza adetseni ndi `Ctrl+B`, tanthauzo lake likhale pomwepo m'mzere umodzi, monga: `pH`, muyeso wa asidi, kuyambira 0 mpaka 14, pansi pa 7 ndi asidi. Mawu otere asapitirire 8 pa tsamba. Mukadetsa theka la tsamba, diso lisowa pogwira.

Chenjerani, Word imakonda kukukonzerani zolondola kale. `pH` ikayamba chiganizo imasanduka `PH`. Dinani `Ctrl+Z` nthawi yomweyo ibwerere. Kanambala ka m'munsi ka `CaCO₃`, laimu uja, kapangeni ndi batani la `x₂` pa `Home`.

Popita kokapulinta m'tauni, tengani fayiloyo ngati PDF, chifukwa kompyuta ya kumeneko ikasowa mtundu wa zilembo zanu, mizere imasuntha ndipo masamba amasokonekera. Kope lija musataye, zojambula za pabolodi zili momwemo; pa pepala lotaipalo ingolembani tsiku la phunzirolo kuti mudziwe pokazipeza.