Chifukwa chake FM siphokosera mvula ikamagwa

"Ndili ku Matero kuno ku Lusaka. Mphezi ikang'anima, AM imathetheka koma FM imamveka bwino. N'chifukwa chiyani?"

Nyumba ya wailesi imatumiza funde lonyamula mawu. Pa AM, mawu amakweza ndi kutsitsa mphamvu ya fundelo, pomwe liwiro la kugwedezeka kwake silisintha. Mphezi nayonso imatulutsa mafunde amene amadziwonjezera pa mphamvuyo, ndipo wailesi yanu, posatha kusiyanitsa, imawatenga ngati mawu.

Pa FM mphamvu imakhala imodzimodzi, koma mawu amasintha liwirolo: funde la 100 MHz, kutanthauza logwedezeka ka 100 miliyoni pa sekondi, limasendera m'mwamba kapena pansi osapitirira 75 kHz, komwe ndi kugwedezeka ka 75,000 pa sekondi, ndipo mawu akakula limasendera kutali. Wailesi imayamba yadula zonse zotumphuka pa mphamvu, kenaka n'kuwerenga kusenderako kokha. Komabe funde likafooka kwambiri, monga mukatalikira mzinda, FM nayonso imayamba kusokosa.