Yankho: ndikamwalira, mkazi wanga adzalowa bwanji mu maakaunti anga?

"Mapasiwedi anga onse ali mu Bitwarden. Ndichite chiyani kuti ndikadzatisiya mayi a kunyumba adzathe kutsegula, koma osawapatsa pasiwedi yaikulu panopa?"

Achimwene, Bitwarden ili nayo kale njira yake, dzina lake Emergency access. Inuyo mufunika akaunti yolipira, koma mayiwo yaulere ikwana. Lowani pa webusaiti, pitani ku Settings, kenako Emergency access, mulembe imelo yawo kuti alandire uthenga wowaitana. Mudzasankha pakati pa View, yoti azingoona zomwe zili m'katimo, ndi Takeover, yoti adzaike pasiwedi yaikulu yatsopano n'kutenga akaunti yonse. Pa nkhani ya imfa ine ndimati Takeover, chifukwa wotsalayo ndi amene adzayendetse zinthu.

Kenako muika masiku odikira. Tinene kuti mwaika 7. Mayi akapempha kulowa, inu mumalandira imelo, ndipo ngati muli moyo mutha kukana. Masiku 7 akatha popanda yankho lanu, chitseko chimatseguka chokha. Musafupikitse kwambiri: mutagonekedwa m'chipatala kapena mutapita kumudzi kopanda netiweki, tsiku limodzi litha musanaone imeloyo.

Pomwe ambiri amagwa ndi apa. Mayi akavomera kuitanako, ntchito sinathe. Muyenera kubwereranso n'kudina Confirm, mutafananitsa mawu otsimikizira omwe akuoneka kwa inu ndi kwa iwo. Mukapanda kutero, dzina lawo lidzaoneka pa mndandanda koma tsiku latsokalo sadzatsegula kanthu. Choncho yesani muli moyo: apemphe, muone ngati imelo yafika, mukane. Awonetsetsenso kuti pasiwedi ya akaunti yawoyawo sakuiwala, poti khomo lawo ndi lomwelo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi foni. Maakaunti ambiri amatumiza nambala yotsimikizira pa meseji, ndiye pasiwedi yokha siikwana. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka ndipo nambalayo itha kupatsidwa kwa munthu wina. Lembani PIN ya foni ndi ya simu m'kati mwa Bitwarden momwemo, pamodzi ndi makodi osungira a Gmail olowera foni ikasowa, ndipo muwauze mayi kuti pa maliro foni isachoke m'manja mwawo, aziikamo mayunitsi mpaka zonse zitasamutsidwa.

Mu wilo musalembemo mapasiwedi, chifukwa wilo imawerengedwa ndi anthu ambiri. Mungolemba amene mwamusankha. Dziwaninso kuti kukhala ndi pasiwedi sikupatsa munthu ufulu wotapa ndalama za malemu ku banki, pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Ku Malawi chuma chamasiye chimayendera lamulo la 2011, ndipo mayi akatapa mwachinsinsi adzapezeka pa mlandu ndi achibale. Bitwarden iwathandize kudziwa komwe kuli ndalama, kenako apite ndi chikalata cha imfa kukatsata njira yake.