Piritoni, setirizini ndi chikhodzodzo cha bambo

"Bambo anga ali ndi zaka 72. Khungu lawo limayabwa, ndiye akhala akumwa Piritoni katatu patsiku kwa sabata ziwiri. Tsopano amangosinza, kukamwa kumawauma, ndipo usiku amadzuka kasanu koma mkodzo umangodontha. Wogulitsa mankhwala akuti tiyese setirizini. Kodi si mankhwala amodzimodzi?"

Achemwali, kuyabwa onsewa amathetsa mofanana, koma Piritoni amakhudza malo ambiri m'thupi kuposa setirizini, ndipo kwa bambo nkhani yagona pamenepo.

Chimodzi mwa zimene zimayabwitsa khungu ndi hisitamini, amene thupi limapanga lokha. Akatuluka m'maselo a pakhungu amakakhala pa timalo tomulandira totchedwa H1, kenako pamatupa, kufiira ndi kuyabwa. Mankhwala onse awiriwa amakakhala pa H1 kuti hisitamini asowe pogwira. Piritoni, amene dzina lake lenileni ndi klofenamini, ndi wa m'badwo woyamba, wa m'zaka za m'ma 1940, pamodzi ndi prometazini. Setirizini ndi loratadini anabwera m'ma 1980, feksofenadini m'ma 1990.

Tulo timachokera ku ubongo. Kumeneko hisitamini ali ndi ntchito ina, yotisunga maso. Pakati pa magazi ndi ubongo pali mpanda wosefa, koma mankhwala akalewa amasungunuka m'mafuta, choncho amaudutsa mosavuta nkutseka theka la timalo ta H1 ta mu ubongo kapena kuposerapo. Atsopanowa amavutika kulowa, ndipo ochepa amene alowa, timapampu ta pampandapo timawabwezera m'magazi. Klofenamini amachedwanso kuchoka m'thupi. Pakapita maola pafupifupi 20 theka lake limakhala likadalimo, ndiye munthu womwa mamiligalamu 4 katatu patsiku mankhwalawo amaunjikana. N'chifukwa chake bambo akusinza masana. Woyendetsa minibasi kapena kabaza amene wamwa usiku amatha kudzuka akudzimva bwino, koma phazi likuchedwa kufika pa buleki.

Koma chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mkodzowo. Mankhwala a m'badwo woyamba sasankha bwino pokhala. Kuwonjezera pa H1, amatsekanso timalo tolandira asetilikolini, amene mitsempha imagwiritsa ntchito polamula tiziwalo topanga malovu, matumbo, maso ndi chikhodzodzo. Timaloti tikatsekeka malovu amachepa, matumbo amayenda mwaulesi munthu nkudzimbidwa, zilembo zapafupi zimaoneka mbuu, ndipo khoma la chikhodzodzo limafinya mofooka. Mnyamata sangazindikire n'komwe. Koma amuna ambiri a msinkhu wa bambo ali ndi pulositeti yokula, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo kamene kakakula kamapanikiza njira ya mkodzo. Chikhodzodzo chinali chikulimbana kale ndi njira yopapatiza, tsopano mphamvu yake yachepanso. Mkodzo umatsalira, chimadzadza msanga, munthu nkumadzukadzuka usiku wonse. Kwa okalamba ena kutsekeka komweku kumafika ku ubongo, amayamba kusokonezeka, kuiwala kapena kugwa, abale nkumati ndi ukalamba.

Asiye Piritoni lero. Muyang'anenso mankhwala achimfine amene ali m'nyumba, chifukwa ambiri amakhala ndi klofenamini yemweyo. Ngati vuto ndi mankhwalawa, kukamwa ndi mkodzo ziyamba kusintha m'masiku awiri kapena atatu. Koma akalephereratu kukodza, pansi pa mchombo nkutupa ndi kuwawa, musadikire kuti kuche. Apite kuchipatala nthawi yomweyo akawatulutse mkodzowo ndi kapaipi, chifukwa ukabwerera m'mbuyo umawononga impso. Ngakhale apeze bwino, ndikupempha kuti akapimidwe pulositeti.

Wogulitsa mankhwala uja wakuuzani zoona. Setirizini amagwira H1 pafupifupi yekha, ndipo mamiligalamu 10 kamodzi patsiku ndi okwanira. Pa atsopanowa ndi iye amene amagonetsako anthu ena, choncho ndi bwino kumwa madzulo. Amatuluka kudzera mu impso, ndiye ngati impso za bambo ndi zofooka, adokotala achepetse mlingo kufika pa mamiligalamu 5. Ine ndikanayamba ndi loratadini, mamiligalamu 10, chifukwa sagonetsa kwenikweni. Feksofenadini ndiye salowa mu ubongo pafupifupi konse, kungoti amwedwe ndi madzi, chifukwa juwisi wa malalanje kapena maapulo amachepetsa kulowa kwake m'magazi.

Funso lina limene mupite nalo kuchipatala ndi la kuyabwako. Pa msinkhu umenewu nthawi zambiri kumabwera chifukwa cha khungu louma, ndipo kumamvera mafuta odzola kuposa mapiritsi. Kukhozanso kukhala mphere, makamaka ngati kumakula usiku ndipo ena m'nyumbamo akudzikanda, kapena chizindikiro cha matenda a chiwindi ndi impso. Muyang'ane pakati pa zala zawo ndi m'maso ngati muli chikasu, mukawauze adokotala zimene mwaona.