Gesitihausi pa intaneti: chipinda chimodzi chisapite kwa alendo awiri

"Ndili ndi gesitihausi ya zipinda 6 ku Nchalo. Ndikufuna kuiika pa Booking.com ndi Airbnb. Ndilembepo zotani, nanga nditani kuti ndisagulitse chipinda chimodzi kawiri?"

Mayi, musaike zonse 6 nthawi imodzi. Yambani ndi ziwiri, zinazo muzisungire alendo ofika pageti ndi oimba foni. Pa Booking.com nthawi zambiri mlendo akangosungitsa, chipindacho chapita, sadikira kuti inu muvomere. Mavuto ambiri amayambira pamenepa.

Tinene kuti ndi Lachisanu, 3 koloko masana, magetsi azima ndipo netiweki ikuvuta. Mnyamata wapakauntala wapereka chipinda nambala 2 kwa dalaivala wa lole, walandira ndalama za masiku awiri, koma pa intaneti sanatseke. Pofika 5 koloko banja la ku Blantyre lopita ku Majete lasungitsa chomwecho. Likafika usiku, udindo wolipezera malo ena ofanana ndi wanu, ndipo malowo akakhala okwera mtengo, zapamwambazo zituluka m'thumba mwanu. Zimene adzakulembereni pa tsambalo alendo ena adzaziwerenga kwa nthawi yaitali.

Ndiye mukhale ndi buku limodzi la alendo ndi munthu mmodzi yekha wopereka zipinda. Asanapereke kiyi, ayambe watseka tsikulo pafoni, mu Pulse, apu ya Booking.com ya eni malo ogona, kapena mu Extranet, tsamba lawo loyendetserapo zipinda zanu. Netiweki ikakana, zipinda ziwirizo asazikhudze, apereke zinazo.

Kenako lumikizani makalendala. Mu Extranet pitani pa Rates & Availability, musankhe Sync calendars, mukopere linki yake n'kukaimata pa Airbnb, pamalo olumikizira makalendala. Muchitenso chimodzimodzi kuchoka ku Airbnb kubwerera ku Booking.com, chifukwa linki iliyonse imayenda mbali imodzi. Njirayi imafuna kuti chipinda chilichonse chilembedwe pachokha. Mukalemba zipinda ziwiri pansi pa mtundu umodzi wa chipinda, siigwira. Dziwaninso kuti makalendalawa salankhulana pompopompo, pamatha kudutsa maola angapo, choncho mlendo akasungitsa kwina, tsekani kwinako nokha. Kuti muone ngati zikuyenda, tsekani tsiku limodzi la mwezi wamawa pa Airbnb, mawa lake muone ngati latsekekanso pa Booking.com.

Pofotokoza malo, siyani mawu oti "abwino kwambiri". Wobwera kuchigwa kuno mu Okutobala amafuna kudziwa za kutentha: chipinda chino chili ndi fani kapena makina oziziritsa mpweya? Magetsi akazima, jenereta kapena sola imayendetsa chiyani, mababu okha kapena fani yomwe? Tchulani neti yaudzudzu, thanki yamadzi, bafa lam'kati ndi poimika galimoto mumpanda. Makilomita ochokera pa msewu wa M1 ndi opita kugeti la Lengwe muyeze ndi galimoto, musangoganizira. Ngati kamsewu kanu kamachita matope mu Januwale ndi Febuluwale, nenani, kuti wa galimoto yaing'ono adziwiretu. Zithunzi mujambule m'mawa makatani ali otsekula, ndipo chilichonse chikhale cha chipinda chimene mlendoyo adzagonemo.